Kufewetsa lata la bulasi lopsinjidwa: zimene moto umachita m'kati mwake ndi pofunika kuuleka

Lata la bulasi likadutsa kangapo pakati pa marola limayamba kukana. Chogwirira cha makina chimalemera, lata limayamba kufwamphuka mukalipinda, ndipo mukaumiriza, m'mphepete mwake mumaoneka timing'alu. Mankhwala ake ndi moto. Koma moto umagwira ntchito zitatu zosiyana m'kati mwa bulasi, motsatizana, ndipo yachiwiri ndiyo imafewetsa kwambiri. Yoyamba siifewetsa kwenikweni. Yachitatu ikapitirira imawononga, ndipo zimene yawononga moto sungazikonzenso.

Malangizo awa atsata ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tili ndi lata lofewa lochindikala 2.0 mm, la 50 mm m'lifupi ndi 100 mm m'litali. Tikufuna lifike pa 0.50 mm, ndipo likhale louma pang'ono, loti n'kupindika bwino koma osafooka ngati nsalu. Bulasi wake ndi uja wa magawo 70 a kopa ndi magawo 30 a zinki, amene pa mapepala a ogulitsa amalembedwa C26000 kapena CuZn30. Manambala onse ali m'munsimu ndi a bulasi ameneyu. Wa 60 ndi 40, komanso wokhala ndi mtovu, ali ndi khalidwe lina, ndipo tiwatchula pamene kusiyanako kuli ndi kanthu.

Choyamba, werengani njira yonse musanapsinje

Kuchuluka kwa kupsinja kumayezedwa ndi mmene kuchindikala kwachepera. Lata lotakata silikula kwenikweni m'lifupi likamapsinjidwa, limangotalika, choncho masamu ake ndi osavuta:

```
%CW = (t0 - t1) / t0 x 100
```

Apa t0 ndi kuchindikala kwa lata pamene linali lofewa komaliza, t1 ndi kuchindikala kwake tsopano. Mawu oti "pamene linali lofewa komaliza" ndi ofunika. Mukafewetsa bwino, chiwerengero chimabwerera pa ziro, ndipo kuwerenga kumayambiranso.

Kuchoka pa 2.0 mm mpaka 0.50 mm mwakamodzi ndi maperesenti 75. Makina a fakitale akhoza kufika pamenepo, koma lata limatuluka louma gwa, ndipo pa makina opukusa ndi manja m'mphepete mumang'aluka musanafike. Ndiye yambirani kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Kuuma kwapakati kumene tikufuna kumabwera ndi kupsinja kwa maperesenti pafupifupi 21. Zikatero pamatsala maperesenti 79 a kuchindikala, choncho gawani 0.50 ndi 0.79, mupeza 0.63. Ndiye kuti kufewetsa komaliza kuyenera kuchitika lata lili pa 0.63 mm. Njira yonse ikhala iyi: kuchoka pa 2.0 kufika pa 1.0 mm, amene ndi maperesenti 50, n'kufewetsa. Kuchoka pa 1.0 kufika pa 0.63 mm, maperesenti 37, n'kufewetsanso. Kenako kuchoka pa 0.63 kufika pa 0.50 mm, osafewetsanso.

Anthu ambiri amalakwa pano. Amapsinja mpaka lata litakana, n'kufewetsa pamene zapezeka, kenako n'kudabwa kuti lafika pa kuchindikala koyenera lili louma kwambiri kapena lofewa kwambiri. Kuuma komaliza kumachokera ku kupsinja komaliza. Bulasi ameneyu saumitsidwa ndi moto ngati chitsulo.

Kupsinja, ndi zimene zikuchitika m'katimo

Palani m'mphepete mwa lata ndi tupa kuti pasakhale mano kapena timing'alu tosiyidwa ndi sizasi. Kamng'alu kakang'ono ka m'mphepete ndi pamene mng'alu waukulu umayambira. Pukutani lata ndi marola omwe, chifukwa kamchenga kalikonse kamadindika pa lata n'kutsala pomwepo. Tsekani marola pang'onopang'ono, pafupifupi 0.1 mm ulendo uliwonse, mbali zonse ziwiri mofanana. Lata likayamba kukhota ngati chikwakwa, ndiye kuti mbali imodzi ya marola yapana kuposa inzake. Yezani ndi maikiromita pamalo atatu, osati ndi maso. Pofika pa 1.0 mm, lata lija la 100 mm likhala litatalika kufika pafupifupi 200 mm.

Bulasi si chinthu chimodzi chathunthu. Ndi mulu wa tinjere tolumikizana, ndipo m'njere iliyonse maatomu anandanda m'mizere yowongoka, yoloza mbali yakeyake. Lata likamaphwatalala, mizere ya maatomu imatsetsereka pamwamba pa inzake. Siitsetsereka yonse nthawi imodzi. Taganizani kapeti yaikulu yolemera imene mukufuna kuisuntha pang'ono: kuikoka yonse n'kovuta, koma mukapanga khwinya kumapeto kumodzi n'kumalikankha mpaka litatulukira mbali inayo, kapeti yasuntha mosavutikira. M'njere za chitsulo chilichonse muli makwinya otere, amene akatswiri amawatcha madisilokeshoni, ndipo kuyenda kwawo ndi kumene kumapangitsa bulasi kupindika m'malo mothyoka.

Vuto n'lakuti kupsinja kumabala makwinya ena ambirimbiri. Mu bulasi wofewa, malo a milimita imodzi mbali zonse amadutsidwa ndi makwinya pafupifupi 100,000 mpaka 1,000,000. Mu wopsinjidwa kwambiri chiwerengero chimafika pa mabiliyoni. Akachuluka chotero amakolana, lina kutsekereza linzake, ndipo kuti ayende pamafunika mphamvu yochuluka. Kuuma kumene mukumva pa chogwirira n'kumeneko. Njere nazo zimaphwatalala n'kutalika motsata kumene lata likulowera.

Manambala ake akuonetsa bwino. Lata lofewa la njere zapakatikati limaduka likakokedwa ndi mphamvu ya pafupifupi 340 MPa, umene ndi muyeso wa mphamvu yokoka pa kukula kwa malo okokedwawo, koma lisanaduke limatamuka kuposa theka la kutalika kwake. Likapsinjidwa maperesenti 21 limafika cha pa 425 MPa, kutamuka n'kutsika kufika pa maperesenti 23 kapena cha pomwepo. Pa maperesenti 50 mphamvu ili pafupi ndi 600 MPa, koma kutamuka kwatsala maperesenti 5 okha. Apa ndi pamene lata lathu la 1.0 mm lili.

Pali china chimene chatsala m'katimo. Mphamvu zambiri zimene munagwiritsa ntchito popukusa zinasanduka kutentha, n'chifukwa chake lata limatuluka lofunda. Koma kagawo kakang'ono kanatsekeredwa m'makwinya okolana aja. Kagawo kameneka ndi kamene kadzayendetse zonse lata likalowa m'ng'anjo. Moto umangomasula maatomu kuti athe kusuntha. Chowauza kolowera ndi mphamvu yotsekeredwayo. N'chifukwa chake lata limene silinapsinjidwe silingabale njere zatsopano ngakhale mutaliwotcha chotani.

Dulani tizidutswa toyesera

Musaike lata lonse m'ng'anjo poyamba. Dulani kumapeto kwake tizidutswa 7, kalikonse 10 mm m'lifupi ndi 40 mm kapena 50 mm m'litali, todulidwa molowera kumodzi. Ngati lata lenileni ndi lochepa, psinjani lina lapadera la bulasi yemweyo mpaka maperesenti 50 omwewo. Dindani manambala ndi panchi, chifukwa inki imapsa. Kamodzi kasungeni osawotcha. Tinato tiwotcheni kamodzikamodzi, mphindi 30 kalikonse, pa madigiri a Celsius 200, 300, 400, 500, 600 ndi 700.

Tsukani mafuta onse kaye ndi sopo kapena asetoni, chifukwa mafuta akapsera pa bulasi amasiya mabanga ovuta kuchotsa. Lolani ng'anjo ifike pa mlingo wake n'kukhazikika musanaikemo kachidutswa. Kaikeni pa njerwa yosapsa, pafupi ndi themokapo, kachipangizo koyezera kutentha m'ng'anjo, osakhudza mawaya otenthetsa. Nambala ya pa chitseko cha ng'anjo imanena za pamene pali themokapo, ndipo m'ng'anjo zing'onozing'ono pafupi ndi chitseko pamazizirirapo kuposa kumbuyo. Yambani kuwerenga mphindi ng'anjo ikabwerera pa mlingo wake mutatseka chitseko.

Tikazizira, kayeseni kalikonse. Ngati muli ndi makina oyezera kuuma, yezani HV, nambala imene imakwera kuuma kukamakula, pamalo atatu. Ngati mulibe, panani kachidutswa pa vayisi, kapindeni ndi dzanja kufika pa ngodya yowongoka, muone mphamvu imene kakufuna ndi mmene kakufwamphukira mukakasiya. Kenako yang'anani kunja kwa pokhotapo ndi galasi lokulitsa.

Madigiri 200: kupuma kwa bulasi

Kachidutswa ka madigiri 200 kadzakukhumudwitsani. N'kouma ngati kosawotcha kaja, pafupifupi 170 kapena 180 HV, ndipo mwina kaumirako pang'ono. Sikuti mwayeza molakwika. Bulasi wopsinjidwa amaumirako pang'ono akatenthedwa pakati pa madigiri 200 ndi 250, chifukwa maatomu a zinki amasuntha n'kukakhala mogwira makwinya.

Gawo limeneli ndi la rikavare, kutanthauza kupuma. Maatomu ayamba kusuntha pang'ono. Mipata imene inatsala m'mizere ikutsekeka, makwinya ena oyang'anizana akukumana n'kufafanizana, ena akukhala m'malo osapanikizana kwambiri. Koma njere zikadali zomwe zija, zophwatalala, ndipo makwinya ambiri akadalipo. Pa maikulosikopu wamba simuona kusintha kulikonse. Mu bulasi gawo limeneli ndi lofooka poyerekeza ndi aluminiyamu, chifukwa makwinya a mu bulasi ndi otambasuka ndipo savomera kudumpha kuchoka mu mzere wina kupita mu wina. Zotsatira zake n'zakuti mphamvu yambiri yotsekeredwa imasungika mpaka gawo lotsatira.

Phindu la kupuma si kufewa ayi. Ndi kuchepa kwa kukokana kwa m'kati. Lata lopsinjidwa kapena lopindidwa limakhala ndi malo ena okokeka ndi ena opanikizika ngakhale palibe chikuligwira. Bulasi wotere akakumana ndi mpweya wa amoniya pamalo a chinyezi amang'aluka yekha, patapita masabata kapena miyezi, motsata malire a njere. Vutoli linadziwika kwambiri pa makatiriji a bulasi a asilikali a ku Mangalande ku Indiya, amene ankasungidwa m'makola a akavalo nthawi ya mvula; amoniya wa mu mkodzo wa akavalo ndiye anali gwero, ndipo izi zinafotokozedwa bwino mu 1921. Kuwotcha kwa ola limodzi cha pa madigiri 260 kumachotsa ngoziyi popanda kutaya kuuma. Tidzakugwiritsa ntchito pomaliza.

Madigiri 300 mpaka 500: njere zatsopano

Pakati pa kachidutswa ka 300 ndi ka 400 mpamene kuuma kumagwa. Sikutsika pang'onopang'ono ngati kutsetsereka kwa mtunda, kumagwa ngati phompho. Ka 300 kakhoza kukhala kakadali kouma kapena katangoyamba kufewa. Ka 400 mudzakapeza katatsika kufika cha pa 100 HV kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ka 500 kali cha pa 80.

Uku ndiko kubadwa kwa njere zatsopano, rikirisitalaizeshoni. M'malo amene makwinya anakolana kwambiri, makamaka m'malire a njere zakale ndi m'mizere imene inapotoka kwambiri, mumayamba timadontho ta bulasi woyera, wa mizere yowongoka, wopanda makwinya ambiri. Malire a kadontho kalikonse amasunthira kunja. Maatomu a mbali yopanikizika amadumpha malirewo n'kukafola mbali yoyera, chifukwa kumeneko n'kopepuka. Timadontho timakula, kudya njere zakale, mpaka titakumana tokhatokha. Zikatero njere zophwatalala zatha, zatsala zatsopano, zofanana kukula mbali zonse. Lata silinasungunuke, silinasinthe maonekedwe kunja, kuchindikala kuli komwe kuja, koma m'kati lamangidwanso. Pa maikulosikopu njere zatsopano za bulasi zimazindikirika ndi mizere yowongoka iwiriiwiri yodutsa m'kati mwake, imene imatchedwa mapasa. Mukaona mapasa owongoka bwino, njereyo ndi yatsopano. Akakhala opindika, yapsinjidwanso.

Palibe nambala imodzi imene ndi "kutentha kwa njere zatsopano" kwa bulasi yense. Zinthu zitatu zimakokerana: kuchuluka kwa kupsinja, kutentha, ndi nthawi. Kutentha ndi nthawi zimalowana m'malo, koma osati mofanana. Zimene zimatenga ola pa madigiri 400 zimatha m'masekondi ochepa pafupi ndi madigiri 600. Pali zithunzi zodziwika bwino za bulasi wopsinjidwa maperesenti 33 n'kutenthedwa pa madigiri 580: timadontho tatsopano tikuoneka pa masekondi 3, ndipo pa masekondi 8 ntchito yatha. Wogwiritsa lawi la gasi azikumbukira zimenezi. Lata lopyapyala likangofika pa kutentha koyenera, lafewa kale. Kupitiriza kuliwotcha n'kulowa gawo lachitatu.

Kupsinja ndiko kumene ambiri sakuganizira. Lata lopsinjidwa kwambiri lili ndi mphamvu yambiri yotsekeredwa ndi malo ambiri obadwirapo timadontho. Limayamba msanga, pa kutentha kotsika, ndipo chifukwa timadontho ndi tambiri, timakumana tisanakule, njere n'kutuluka zazing'ono. Lopsinjidwa pang'ono lili ndi malo ochepa obadwirapo. Timadontho towerengeka timayamba, mochedwa, ndipo kalikonse kamakula mtunda wautali kasanakumane ndi kanzake. Choopsa kwambiri ndi lata lopsinjidwa maperesenti 5 kapena 10 n'kuwotchedwa pa kutentha kwakukulu: njere zake zimatuluka zikuluzikulu, nthawi zina zooneka ndi maso. N'chifukwa chake njira yathu ili ndi maperesenti 50 ndi 37 kufewetsa kusanachitike. Chizolowezi chofewetsa pambuyo pa maulendo awiri alionse a marola, "kuti lisang'aluke", n'choipa. Lolani lata lifike pa maperesenti 30 kapena kupitirira musanaliwotche.

Zomwezi zimaoneka pa chinthu chopindidwa kapena chosulidwa mosafanana. Pokhota penipeni papsinjika kwambiri, patali sipanakhudzidwe, ndipo pakati pake pali kamzere kopsinjika pang'ono. Mukafewetsa, kamzere ka njere zikuluzikulu kamatuluka pomwepo.

Madigiri 600 ndi 700: njere zikudyana

Tizidutswa tiwiri tomaliza n'tofewa kuposa ka 500, koma kusiyana kwake si kwakukulu: cha pa 65 kapena 70 HV pa 600, ndi cha pa 55 kapena 60 pa 700. Chosintha kwambiri ndi kukula kwa njere. Pa 500 mungayembekezere njere za pafupifupi 0.03 mm. Pa 600 zimakhala zitawirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo pa 700 zimapyola 0.1 mm.

Makwinya atha, ndiye chikuyendetsa zinthu tsopano n'chiyani? Ndi malire a njere eni ake. Maatomu a pamalire sakhala mwadongosolo, choncho malire alionse ali ndi mphamvu yake yowonjezera, ndipo bulasi amafuna kuwachepetsa. Zimafanana ndi thovu la sopo losiyidwa m'botolo: timathovu ting'onoting'ono timazimiririka, akuluakulu n'kumakulirakulira. Njere yaing'ono ili ndi malire okhota kwambiri, ndipo malire amasunthira mbali imene akhotera, mpaka njereyo itamezedwa ndi zoyandikana nazo. Kukula kumeneku kumathamanga poyamba n'kumachedwa pambuyo pake. Kuwonjezera nthawi kawiri sikukulitsa njere kawiri, koma kuwonjezera madigiri 100 kukhoza kutero. Ndiye mlingo wa ng'anjo ndi umene uyenera kusamalidwa kuposa wotchi.

Tengani kachidutswa ka 700 kopindidwa kaja muyang'ane kunja kwa pokhota. Padzakhala pa manthumanthu ngati khungu la lalanje. Njere iliyonse imatamuka molowera kwake, ina kwambiri, ina pang'ono, ndipo zikakhala zazikulu kusiyanako kumaonekera pamwamba. Ka 500 kamakhala kosalala. Pa lata lopyapyala vutoli limakula: lata la 0.63 mm lokhala ndi njere za 0.15 mm lili ndi njere zinayi zokha kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo limang'ambika msanga pokokedwa ngakhale ndi lofewa. Kupukuta khungu la lalanje kumadya bulasi wambiri, ndipo limabweranso mukapindanso.

Njere zikakula, kuwotchanso pa kutentha kotsika sikuzibweza. Kumiza m'madzi sikuzibwezanso. Njira ndi imodzi: kupsinjanso lata maperesenti 30 kapena kuposa kuti makwinya adzazenso, n'kufewetsa moyenera. Ngati kuchindikala kotsala sikulola zimenezo, lata limenelo lapita. Pa njira yathu, kupyola muyeso pa kufewetsa koyamba kumakonzeka, popeza kutsogolo kuli maperesenti 37 ndi kufewetsa kwina. Kupyola muyeso pa kwachiwiri sikukonzeka.

Si kuti njere zazing'ono ndizo zabwino nthawi zonse. Opanga malata amagulitsa bulasi wofewa potchula kukula kwa njere, kuyambira 0.015 mm mpaka kupyola 0.1 mm. Zazing'ono zimapatsa mphamvu ndi nkhope yosalala yopukutika msanga. Zapakati, 0.035 mpaka 0.050 mm, ndi za ntchito zambiri zokoka ndi kupinda. Zazikulu zimathandiza pokoka mozama lata lochindikala pamene kusalala kulibe kanthu.

Kufewetsa lata lenileni

Tizidutswa taonetsa kuti madigiri 500 kwa mphindi 30 akukwanira. Tsukani lata la 1.0 mm, liikeni chogona pa njerwa yosalala kapena choimika m'mbali, osasanjikiza ndi lina. Mphindi zikakwana litulutseni ndi chopanira.

Kuziziritsa kulibe mphamvu pa kufewa kwa bulasi wa 70 ndi 30. Mukhoza kulisiya pa mpweya kapena kulimiza m'madzi. Kumiza kumafulumizitsa ntchito ndiponso kumasendako makoko akuda, koma lata lopyapyala lotakata limapotoka likamizidwa chogona. Lilowetseni cham'mbali, ndipo dikirani kufiira kuthe kaye. Bulasi wa zinki wochuluka, kuyambira cha pa maperesenti 37, ndi wina: akatenthedwa kwambiri m'kati mwake mumabadwa mtundu wachiwiri wa njere, wouma, ndipo kumiza mwadzidzidzi kumausunga. Ameneyo muzimuziziritsa pang'onopang'ono. Wokhala ndi mtovu, uja wosavuta kudula pa makina, salola kupsinjidwa kwambiri, ndipo akakhala wopsinjidwa n'kugwidwa ndi lawi mwadzidzidzi amang'aluka.

Ngati mulibe ng'anjo ndipo mukugwiritsa lawi la gasi, chepetsani kuwala m'chipinda. Gonekani lata pa njerwa zosapsa, gwiritsani lawi lalikulu lofatsa, osati lakuthwa, ndipo muziliyendetsa osaima. Yambirani m'mphepete mozungulira n'kumalowa pakati. Lata likangoyamba kuoneka kufiira kwakuda, kosaoneka bwino, ndiye kuti lili cha pa madigiri 600. Sunthirani patsogolo nthawi yomweyo. Masana padzuwa kufiira kumeneku sikuoneka, ndipo pamene maso adzaone kufiira mudzakhala mutapyola 700. Choko choyezera kutentha, chimene chimasungunuka pa mlingo wolembedwa, n'chodalirika kuposa maso. Kufiira kowala, kolowera ku lalanje, ndi ngozi: bulasi ameneyu amayamba kusungunuka cha pa madigiri 915, ndipo zinki amayamba kuthawa pamwamba kale asanafike pamenepo. Utsi woyera ukaoneka, ameneyo ndi zinki. Musaupume, umadwalitsa ngati chimfine cha malungo patapita maola angapo. Gwirani ntchito pamalo opita mpweya.

Lawi lili ndi chilema chimodzi chosathawika: silitenthetsa mofanana. Pena pamatsala pouma, pena njere zakula. Mudzazindikira popsinjanso, lata likamatuluka lokhota kapena la mafunde chifukwa malo ofewa akutalika kuposa ouma.

Lata likazizira lili ndi makoko akuda. Musalilowetse m'marola lili choncho, makokowo amadindikira m'kati. Liviikeni mu asidi wa salifiyuriki wosungunulidwa, magawo 5 mpaka 10 pa 100, kwa mphindi zochepa, kapena mu asidi wa sitiriki wofunda, amene amachedwa koma ndi wosaopsa kwambiri. Posakaniza, thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, mutavala magalasi ndi magolovesi. Gwiritsani chopanira cha kopa kapena cha pulasitiki. Chachitsulo chikalowa mu asidi wogwiritsidwa kale ntchito, kopa wosungunuka amamatirira pa lata n'kulisandutsa lofiirira. Mabanga ofiira amabweranso ngati moto unapyola n'kuchotsa zinki pamwamba. Ngati ndi osazama amachoka ndi sandipepa wosalala. Tsukani ndi madzi ambiri, umitsani bwinobwino, chifukwa madzi otsala amachititsa marola dzimbiri.

Yesani ngodya imodzi ndi zala. Lata lofewa bwino limapindika osafwamphuka, ndipo mukaligogoda limalira mogonthera, pamene louma limalira ngati belu.

Ulendo wachiwiri ndi womaliza

Psinjani kuchoka pa 1.0 kufika pa 0.63 mm. Pofewetsa kachiwiri kumbukirani kuti kupsinja kunali maperesenti 37, kochepera koyamba, choncho njere zatsopano ziyamba mochedwerako ndipo zituluka zokulirapo pang'ono. Musakweze moto poganiza kuti mukuthandiza. Khalani pa madigiri 500 kapena tsikirani ku 475, ndipo dulani kachidutswa kamodzi muyese kaye. Njere zimene zibadwe pano ndi zimene lata lidzakhale nazo mpaka kalekale.

Wofuna kuziona ndi maso adule kachidutswa, akapale ndi sandipepa kuyambira 240 mpaka 1200, akapukute mpaka kawale, kenako akapake kwa masekondi ochepa madzi a feriki kuloraidi, magalamu 5 mu mamililita pafupifupi 100 a sipiriti wokhala ndi timadontho ta asidi wa haidirokuloriki. Pa chithunzi cha maikulosikopu jambulani mzere wa kutalika kodziwika, werengani malire a njere amene wadutsa, osawerenga mizere ya mapasa. Mzere woimira 1 mm ukadutsa malire 30, njere zili cha pa 0.033 mm. Mukaona zotsalira za njere zazitali zophwatalala pakati pa zatsopano, kufewetsa sikunathe. Bwezerani lata m'ng'anjo mphindi zina 15, kapena kwezani madigiri 25 okha.

Tsukani mu asidi, umitsani, psinjani kuchoka pa 0.63 kufika pa 0.50 mm m'maulendo awiri kapena atatu opepuka, mukuyeza ulendo uliwonse, chifukwa apa kupyola ndi 0.03 mm kokha kumakweza kupsinja kuchoka pa maperesenti 21 kufika pa 25. Dulani ndi kupinda chinthu chimene mukupanga. Popinda lata louma, mzere wa pokhota udutse mopingasa kumene lata linkalowera m'marola. Ukatsata mbali yomweyo, kunja kwa pokhota kumang'aluka msanga.

Kupinda konse kukatha, ikani chinthucho m'ng'anjo pa madigiri 260 kwa ola limodzi, n'kuchisiya chizizire pa mpweya. Ikani themokapo pafupi nacho penipeni ndipo musalole ng'anjo ipyole 300, chifukwa malo amene apindidwa kwambiri ndiwo ayambe kubala njere zatsopano, n'kufewa pomwe pafunika mphamvu. Yezani kuuma musanawotche ndi mutawotcha: manambala awiriwo ayenera kukhala pafupifupi ofanana, cha pa 120 mpaka 140 HV.